Kulalikira 1 Samueli 15 Osalumpha Vesi 3

Nkhani ya nkhosa zimene zinaulula bodza la Mfumu Sauli ndi yodziwika kwa pafupifupi aliyense amene anakulira mu Sande sukulu. Mfumu yabwerako kunkhondo, ikulandira mneneri Samueli ndi nkhope yowala, ikunena kuti yachita zonse zimene Mulungu analamula, koma kuseli nkhosa zikulira, ng'ombe nazo zikulira. Mlaliki waluso amatsanzira kulirako, mpingo n'kuseka, kenako amafika pa vesi 22, lonena kuti kumvera kumaposa nsembe. Amayi a Mvano amavomera, oyimba amayambitsa nyimbo, anthu n'kubwerera kwawo atadalitsika. Ulaliki wotere sufunsa kawirikawiri kuti lamulo limene Sauli sanamverelo linali lotani.

Lamulolo lili pa vesi 3 la 1 Samueli 15. Samueli akuuza Sauli, m'dzina la Mulungu, kuti apite akawononge Aamaleki ndi zonse ali nazo, osasiyako kanthu. Otchulidwa kuti aphedwe ndi amuna ndi akazi, ana ndi makanda oyamwa, ng'ombe ndi nkhosa, ngamira ndi abulu. M'nkhaniyi Sauli sakudzudzulidwa chifukwa chopha anthu ambiri. Akudzudzulidwa chifukwa sanamalize kupha, poti anasiya mfumu yawo Agagi ndi ziweto zonona. Chaputalacho chikutha mneneri wokalamba atatenga lupanga ndi kumudula Agagi nthulinthuli ku Giligala, pamalo opembedzera.

Mipingo yambiri imadutsa vesili mwakachetechete. M'ndondomeko ya mawerengo a Misa ya Akatolika, chaputala chimenechi chimawerengedwa Lolemba la sabata yachiwiri ya nyengo ya pachaka, kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo amangowerenga mavesi 16 mpaka 23. Ndondomeko ina imene Aangilikani, Amethodisiti ndi Apresibeteriyani ambiri a kunja amatsata imayambira pa vesi 34, Agagi atafa kale, n'kulowa m'nkhani yokoma ya kudzozedwa kwa Davide. Makanda a pa vesi 3 samveka pa guwa. Komabe Baibulo lili m'nyumba za anthu. Buku Lopatulika lakhala m'manja mwa owerenga Chinyanja kuyambira 1922, Buku Loyera kuyambira 1998, ndipo lero mwana wa Fomu 3 ali nalo pafoni. Tsiku lina adzawerenga chaputala chonse, mavesi onse 35, ndipo adzafunsa chifukwa chake abusa analumpha malo amenewo.

Choncho ntchito ya mlaliki imayambira pa tebulo lake Lachiwiri kapena Lachitatu, kuwerenga chaputala chonse mofatsa kangapo ndi kulemba zimene zilimodi, chifukwa zimene amakumbukira kuchokera ku maulaliki a ena nthawi zambiri zimakhala zoperewera. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Wowerenga mosamala amapeza zinthu zimene ulaliki wa nkhosa zolira suzitchula. Sauli akusonkhanitsa asilikali ku Telaimu, ndipo asanathire nkhondo akuchenjeza Akeni, amene ankakhala pakati pa Aamaleki, kuti achokepo chifukwa makolo awo anachitira Aisraeli chifundo. Mulungu atanena kuti akumva chisoni kuti anaika Sauli kukhala mfumu, Samueli akupsa mtima ndi kulira kwa Mulungu usiku wonse. Sauli yekha, asanakumane ndi mneneri, waima kaye ku Karimeli kudziimikira chipilala cha chikumbutso. Ndipo m'chaputala chomwechi, vesi 11 ndi vesi 35 akuti Mulungu anamva chisoni ndi zimene anachita, pamene vesi 29 likuti Iye si munthu kuti asinthe maganizo. Wolemba nkhaniyi sanasalaze makwinya amenewa, ndipo mlaliki amene amawasalaza amakhala akulalikira nkhani ina.

Chifukwa cha nkhondoyo chikutchulidwa pa vesi 2, ndipo n'chakalekale. Buku la Eksodo, chaputala 17, likusimba za Aamaleki akuthira nkhondo Aisraeli ku Refidimu atangotuluka mu Ejipito, tsiku lija Aroni ndi Huri anachirikiza manja a Mose mpaka dzuwa kulowa. Deuteronomo 25 akuwonjeza chimene chinawawa kwambiri: Aamaleki anakantha otsalira m'mbuyo, ofooka ndi otopa. Buku la Oweruza likuwaonetsa akubwera pamodzi ndi Amidyani kudzasakaza minda ya Aisraeli nthawi ya Gideoni. Aamaleki sanali anthu ofatsa amene anangogweredwa tsoka, ndipo mlaliki woona mtima ayenera kunena zimenezo. Ayeneranso kunena kuti pakati pa Refidimu ndi Sauli panapita zaka mazana awiri kapena kuposa, malinga ndi mmene munthu awerengera nthawi ya ulendo wa m'chipululu. Akuluakulu amati mlandu suola, koma ngakhale pabwalo la mfumu kumudzi palibe amene angagamule kuti khanda loyamwa lilipe mlandu wa agogo a agogo ake. Ndipo Genesis 36 akuti Amaleki anali mdzukulu wa Esau. Nkhondoyi inali ya pachibale.

Apa ndi pamene alaliki ambiri a mtima wabwino amaterereka, pofuna kuteteza Mulungu. Wina amati makandawo zinawayendera bwino chifukwa anapita kumwamba asanachimwe. Chaputalachi sichinena zimenezo ngakhale pang'ono, ndipo mfundo yotere ikatengedwa monga ilili ikutanthauza kuti wopha mwana amamuchitira ubwino. Mu mpingo uliwonse muli mayi amene anaika mwana m'manda, ndipo iye amamva mfundo imeneyi mosiyana ndi mmene mlaliki amaganizira. Wina amati Aamaleki anali ngati chotupa chofunika kudula kuti thupi lipulumuke. Fanizoli limamveka lanzeru, koma ndi chilankhulo chomwecho chimene opha anzawo mwaunyinji akhala akugwiritsa ntchito: ku Rwanda mu 1994 wailesi inkatcha Atutsi mphemvu. Mlaliki akayamba kutcha mtundu wa anthu matenda kapena tizilombo, wasiya kufotokoza Baibulo, ndipo akuphunzitsa mpingo wake mmene munthu amachotsera umunthu wa mnzake asanamupweteke.

Palinso chodzitetezera china chimene chili ndi maziko enieni, ndipo chifukwa cha maziko amenewo chimafunika kusamala kwambiri. Mawu a Chiheberi amene ali kuseli kwa "kuwononga kotheratu" ndi heremu. Tanthauzo lake ndi kupatula chinthu kuti chikhale cha Mulungu yekha, munthu asapindule nacho, ndipo pankhondo kupatulako kunkachitika mwa kuwononga. N'chifukwa chake tchimo la Sauli m'nkhaniyi likuoneka ngati kuba za pa guwa. Mwambo umenewu sunali wa Aisraeli okha. Mu 1868, ku Dibani m'dziko limene lero ndi Jordan, kunapezeka mwala wolembedwa cha m'ma 840 Yesu asanabadwe ndi Mesa, mfumu ya Mowabu, yemwenso akutchulidwa pa 2 Mafumu 3. Pamwalapo, umene tsopano uli ku nyumba yosungira zakale ya Louvre ku Paris, Mesa akudzitama kuti mulungu wake Kemosi anamutuma kukalanda mzinda wa Nebo kwa Aisraeli, ndipo anapha anthu 7,000, amuna ndi akazi, powapatulira mulungu wakeyo. Mawu amene anagwiritsa ntchito ndi a muzu womwewo wa heremu.

Mafumu a nthawi imeneyo ankakokomezanso polemba za nkhondo zawo. Farao Merenepita wa ku Ejipito analemba pamwala cha m'ma 1208 Yesu asanabadwe kuti anafafaniza Israeli osasiya mbewu, koma Israeli anapitirira kukhalapo. Buku la Samueli lomwelo likuonetsa zofanana. Chaputala 15 chikuti Sauli anapha Aamaleki onse kupatula Agagi, koma pa chaputala 27 Davide akumenyana nawo, pa chaputala 30 Aamaleki akutentha Zikilagi ndi kutenga akazi ndi ana, ndipo Davide atawalondola, anyamata 400 akuthawa pa ngamira. Munthu amene anabweretsa kwa Davide uthenga wa imfa ya Sauli anali Mwamaleki. Buku la 1 Mbiri 4 likutchulabe otsala awo m'masiku a Mfumu Hezekiya, patapita zaka ngati mazana atatu. Akatswiri monga Lawson Younger, amene mu 1990 anayerekeza nkhani za nkhondo za m'Baibulo ndi za Asuri, Ahiti ndi Aejipito, aonetsa kuti mawu akuti "onse" m'zolemba zotere anali kalankhulidwe ka chipambano, monga wokonda mpira amanenera kuti timu yake yapha anthu pa bwalo.

Zonsezi n'zoona, ndipo mpingo uli ndi ufulu wozimva. Zimathandiza munthu kuona kuti akuwerenga nkhani yolembedwa m'dziko la nkhondo zankhanza, m'chilankhulo cha nthawi yake. Koma mfundoyi ili ndi malire ake. Ikhoza kuchepetsa chiwerengero cha ophedwa, koma siichotsa makanda pa vesi 3. Ngakhale atakhala kuti ana ophedwa anali khumi okha, funso la mwana wa Fomu 3 uja lili pomwepo. Ndiponso nkhani yonse yaima pa mfundo yakuti Sauli anakanidwa chifukwa sanamalize, choncho n'kovuta kunena kuti lamulolo linali kalankhulidwe chabe pamene mfumu inataya ufumu chifukwa cholitenga mopepuka. Mlaliki amene watchula mwala wa Mesa n'kupumira m'mwamba ngati kuti mlandu watha, wagwiritsa ntchito mbiri yoona pothawa funso.

Ena amathawira mbali inayo. Amati ameneyo anali Mulungu wa Chipangano Chakale, wokwiya, koma wathu ndi wa Chipangano Chatsopano, wachikondi. Maganizo amenewa ali ndi mwini wake, Marcion, amene mpingo wa ku Roma unamuchotsa cha m'ma 144 chifukwa chophunzitsa kuti pali milungu iwiri ndi kutaya Chipangano Chakale chonse. Alaliki ambiri lero amanena mfundo yake osadziwa dzina lake. Vuto lake n'loti lamulo lokonda mnansi limene Yesu analitchula likuchokera mu Levitiko, ndipo Chipangano Chatsopano nachonso chili ndi Hananiya ndi Safira ndi magazi a m'Chivumbulutso. Komanso kalankhulidwe kameneka kamanamizira Ayuda, ngati kuti iwo ndi anthu a mulungu wankhanza, pamene aphunzitsi awo analimbana ndi chaputala chimenechi mwakuya kuposa alaliki ambiri achikhristu.

M'buku la Talimudi, pagawo lotchedwa Yoma, arabi akale anatenga mawu a vesi 5 onena za Sauli ali m'chigwa ndi kuwamasulira kuti mfumuyo inkatsutsana ndi Mulungu. Anaika funso m'kamwa mwake: ngati chilamulo chimafuna mwambo wopepesera pamene mtembo umodzi wapezeka kuthengo, nanga bwanji anthu ochuluka chotere, ndipo ngati akuluakulu anachimwa, ana alakwanji? M'nkhani yawoyo Sauli akudzudzulidwa, koma funsolo analilemba ndi kulisunga m'buku lawo lophunzitsira. Aphunzitsi a pambuyo pake anamanga mpanda kuzungulira lamulolo. Panali kale chiphunzitso chakuti Senakeribu, mfumu ya Asuri, anasokoneza mitundu yonse poisamutsa, moti palibe angaloze munthu lero n'kunena mtundu wakale umene akuchokera, ndipo ambiri anachigwiritsa ntchito pa Amaleki. Maimonides, amene anamwalira mu 1204, analemba kuti ngakhale Aamaleki ayenera kuyamba apatsidwa mwayi wa mtendere. Vesilo analisiya m'buku, koma anaonetsetsa kuti palibe munthu wamoyo amene lingagwe pa iye.

Arabi omwewo anaona chinthu china chimene mlaliki aliyense angachipeze ndi Baibulo lake lokha. Pa 1 Samueli 22, Sauli yemwe uja, pokwiya kuti wansembe Ahimeleki anapatsa Davide buledi ndi lupanga, akulamula kuti ansembe aphedwe. Asilikali ake akukana, koma Doegi Mwedomu akupha ansembe 85, kenako mzinda wonse wa Nobu ukukanthidwa. Vesi 19 likutchula ophedwa: amuna ndi akazi, ana ndi makanda oyamwa, ng'ombe, abulu ndi nkhosa. Ndi mndandanda womwewo wa pa 15:3, kungochotsapo ngamira. Zimene Sauli sanamalize pa adani anazimaliza pa anthu ake, popanda lamulo la Mulungu. Izi zikutsekereza mlaliki amene angafune kujambula Sauli ngati munthu wachifundo wolangidwa chifukwa cha chifundo chake. Sauli sanasiye khanda ngakhale limodzi la Chiamaleki malinga ndi nkhaniyo. Anasiya mfumu yoti akaonetse pagulu ndi nyama zonona. Zikuonetsanso kuti buku la Samueli limadziwa kuipa kwa mndandanda umenewu, chifukwa pa Nobu likuulemba ngati umboni wa mfumu imene yasokonekera.

Mlaliki akamaliza kufufuza konseku amafika pa gawo limene mipingo yathu imalikonda kwambiri, lotengera mawu m'moyo wa lero, ndipo ngozi yaikulu ya ulalikiwu ili pagawo limeneli. Funso lofala pa chitsitsimutso ndi lakuti: Amaleki wako ndani? Njira imeneyi ndi yakale. Origen wa ku Alekizandiriya, m'zaka za m'ma 200, ankalalikira nkhondo za Yoswa ngati nkhondo ya Mkhristu ndi machimo a mumtima mwake, ndipo ankati zikanakhala nkhondo za thupi zokha, atumwi sakanapereka mabukuwa kuti aziwerengedwa mu mpingo. Pamene Agagi akuimira kaduka kapena dyera limene munthu akulisunga mumtima mwake, palibe wovulala. Koma fanizoli silichedwa kutuluka mumtima n'kupita kukaima pakhomo la munthu wina.

Mbiri ili ndi zitsanzo. Mu 1689 mlaliki wa ku Boston, Cotton Mather, polimbikitsa asilikali achingerezi opita kukamenyana ndi eni nthaka a ku America, anawafanizira eni nthakawo ndi Amaleki. Wolemba mbiri Philip Jenkins, m'buku lake la 2011 lonena za mavesi a nkhanza, akusimba za alaliki a ku Rwanda amene mu 1994 anakumbutsa anthu za Sauli powachenjeza kuti asasiye Mtutsi wamoyo. Mu Okotobala 2023 nduna yaikulu ya Israeli, Benjamin Netanyahu, inatchula lamulo lokumbukira Amaleki polankhula za nkhondo ya ku Gaza, ndipo mu Januwale 2024 maloya a South Africa anatengera mawuwo ku khoti lalikulu la dziko lonse ku Hague ngati umboni wa cholinga chofafaniza anthu. Boma la Israeli linakana, likunena kuti mawuwo ankanena za Hamas ndiponso za kukumbukira. Kaya munthu aima mbali iti pa mlanduwo, dzina la mtundu umene unazimiririka zaka zoposa 2,500 zapitazo linakambidwa pamaso pa oweruza a masiku ano.

Kuno kwathu Amaleki nthawi zambiri sakhala mtundu wina, amakhala wachibale. Pa mapemphero a usiku wonse, mlaliki akafuula kuti m'banja mwanu muli Agagi amene munamusiya wamoyo, amene akumanga ukwati wanu, bizinesi yanu ndi mimba yanu, iye akhoza kukhala akuganiza za mizimu, koma womvera waona kale nkhope ya munthu, ya agogo ake akumudzi kapena azakhali opanda mwana kapena mkazi wachiwiri wa malemu bambo ake. Ku Neno mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atanamiziridwa kuti anatumiza mphezi imene inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, koma kulozako kukuchitikabe. Mlaliki amalankhula kwa anthu a m'dziko limeneli, ndipo mawu akuti "osasiya kanthu" akatuluka m'kamwa mwake amagwera pa udzu wouma. Njira yodziyesera ndi yapafupi: akamakonza gawo lotengera mawu m'moyo, adzifunse ngati munthu wina mu mpingomo angatuluke ali ndi dzina la munthu wamoyo m'mutu mwake. Ngati zingatheke, gawo limenelo alilembenso.

Taganizani za mkulu wa mpingo amene wapatsidwa mphindi 25 pa tchalitchi chaching'ono cha kumudzi, kumene abusa amafikako kamodzi pamwezi. Alibe mabuku othirira ndemanga, ali ndi Baibulo ndi kope. Asanayambe kuwerenga amachenjeza mpingo kuti mawu a lero ndi olemera, ndipo ngati ana ang'onoang'ono ali ndi kalasi yawo, ino ndi nthawi yoti atuluke. Amawerenga kuyambira vesi 1, osalumpha vesi 3, osathamanga, ndiponso osakweza mawu ngati wosangalala nalo. Akafika pa makanda amaima pang'ono. Kenako amanena poyera zimene aliyense wamva, kuti lamuloli likutchula ana oyamwa, kuti ndi lovuta, ndi kuti iye mwini linamusowetsa tulo sabata yonse monga linamusowetsera Samueli. Mawu ochepawa amapatsa mpingo chilolezo chomva zimene ukumva kale. Munthu amene wanjenjemera pomva vesilo amadziwa kuti kunjenjemerako sikuchokera ku kusakhulupirira, popeza Baibulo lomwelo ndi limene linamuphunzitsa kuti moyo wa mwana ndi wopatulika.

Mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zotsatira amafotokoza za Refidimu, za otsalira m'mbuyo, za tanthauzo la kupatula, ndi za Aamaleki amene akuonekeranso pa chaputala 30, akunena momveka pamene kufotokozaku kukuthandiza ndi pamene kukulekezera. Akatero amaika chaputalachi pakati pa mawu ena a m'Chipangano Chakale chomwecho, kuti mpingo umve kuti Baibulo ndi bwalo la mawu ambiri. Deuteronomo 24:16 amaletsa kupha ana chifukwa cha zolakwa za makolo. Ezekieli 18 akutsutsa mwambi wa makolo odya mphesa zosapsa ndi ana ochita dziru. Elisa, pa 2 Mafumu 6, akukaniza mfumu ya Israeli kupha asilikali a Aramu ogwidwa, n'kulamula kuti apatsidwe chakudya ndi kubwezedwa kwawo. Buku la Yona likutha Mulungu akudzudzula mneneri wake chifukwa chosamvera chisoni anthu oposa 120,000 a ku Nineve pamodzi ndi ziweto zawo. Ziweto, zimene zili pa mndandanda wa imfa wa Samueli, pano zikuwerengedwa pakati pa oyenera chifundo. Akatha kuonetsa zimenezi ndi pamene amapita kwa Yesu, pa Luka 9, pamene Yakobo ndi Yohane akufuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya monga anachitira Eliya, ndipo Yesu akuwadzudzula. Ophunzirawo anali ndi chitsanzo cha m'Malemba cholungamitsira mkwiyo wawo, koma Yesu anawakaniza kuchigwiritsa ntchito.

Pa funso lalikulu, loti Mulungu ananenadi mawu amenewa kapena ayi, Akhristu okhulupirika amasiyana, ndipo mlaliki ayenera kudziwa pamene mpingo wake waima. Ena, motsatira Augustine ndi Calvin, amati linali lamulo lenileni la Mwini moyo, chiweruzo cha kamodzi pa nthawi yake, chimene palibe munthu angachitengere yekha. Ena amati nkhaniyi ikuonetsa mmene Aisraeli a nthawi imeneyo ankamvera liwu la Mulungu ndi makutu a dziko la Mesa, ndipo chithunzi chathunthu chinadzaoneka mwa Khristu. Mkulu wa mpingo uja akhoza kunena mbali imene iye ali, mwaulemu, osanamizira kuti mbali yakeyo yathetsa zonse, chifukwa yoyambayo imasiya funso la ubwino wa Mulungu lili chitsekukire, ndipo yachiwiriyo imasiya funso la ulamuliro wa Malemba. Pali mfundo imodzi imene mbali zonsezi zimagwirizana, ndipo iyeyo ayenera kuinena ndi mawu osapita m'mbali, kawiri ngati kungafunike: palibe mtundu, chipani, chipembedzo, banja kapena munthu wamoyo lero amene ndi Amaleki, ndipo aliyense wonena kuti Mulungu wamutuma kukavulaza mnzake akunama, ngakhale atavala kolala.

Nanga vesi 22 lija? Likhoza kulalikidwabe, ndipo limakhala lakuthwa kwambiri likabwezedwa pamalo pake. Samueli ankalankhula kwa mfumu imene inatenga zofunkha n'kuzitcha nsembe, inadziimikira chipilala, ndipo itagwidwa inakankhira mlandu kwa anthu ake. Ngakhale itavomera tchimo, pempho lake linali loti mneneri ailemekeze pamaso pa akuluakulu. Ndi uthenga wopita kwa amphamvu amene amaphimba dyera ndi chipembedzo. Kuutembenuza kuti ugwe pa ofooka, kuuza mkazi womenyedwa kapena wachinyamata wofunsa mafunso kuti amvere osafunsa, ndi kupotoza kwina kumene kumachitika kawirikawiri pa chaputala chimenechi. Ndipo mlaliki wotamanda kumvera kopanda mafunso angachite bwino kukumbukira asilikali a pa chaputala 22, amene anakana lamulo la mfumu yodzozedwa loti aphe ansembe, ndipo wolemba sakuwadzudzula.

Nyimbo ndi pemphero lotsekera nazo zimalalikira. Ulaliki wosamala ukhoza kugwetsedwa ndi kolasi ya chipambano yoponda adani imene kwaya yayambitsa mosaganiza, choncho mkulu uja amakambirana ndi wotsogolera nyimbo Loweruka. Pemphero lake limatchula ana a m'madera a nkhondo lero, ku Sudan, kum'mawa kwa Congo, ku Cabo Delgado, ndi okalamba a m'mudzi momwemo amene amagona ndi mantha mwana wa mnansi akadwala. Mapemphero akatha sathamangira ku msonkhano wa akuluampingo. Amaima pakhomo, chifukwa ulaliki wotere umadzutsa anthu: mnyamata wa mafunso uja, msilikali wopuma amene anakagwirapo ntchito ku Congo, mayi amene anangoti zii pamene vesi 3 linkawerengedwa. Ena mwa iwo adzafuna kulankhula tsiku lomwelo, ena adzabwera kunyumba pakati pa sabata, madzulo, akunamizira kuti angodutsa.